Mafuwa atatu a msuweni wanga

Mfundo zitatu zomwe msuweni wanga adapita nazo kubwalo ndidamulembera ndine. Adandipeza ku Ulongwe Loweruka lina mu Ogasiti 2018, atanyamula pepala m'jumbo ya shuga, nati, "Apulofesolo, inu mudapita kusukulu, tandikonzereni mawuwa kuti ndikakayankhula amfumu asakasowe pogwira." Tidakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikulemba m'kope la ana asukulu, iye akubwereza mokweza ngati akuloweza katekisimu. Pochoka ndidamupatsanso fanizo loti akatsekere nalo: akanene kuti mlandu wake wakhala pa mafuwa atatu, ndipo mphika wokhala pa mafuwa atatu sugwa. Ndidadzimva kuti ndachita zanzeru ndithu.

Munda wake unali wa mahekitala awiri, kumudzi wina wa kufupi ndi Domwe, m'boma lathu lino la Angoniya, kuno ku Mozambiki. Kumtunda kwake n'kouma, kumalimidwa chimanga ndi nyemba, ndipo kuli mitengo 7 ya mango yomwe munthu sangaizungulize ndi manja. Kumunsi kumatsetserekera kudambo, komwe madzi saphwa ngakhale mu Okutobala. Kumeneko ndiye kunali ndalama, chifukwa msuweni wanga ankakumbako mbatatesi kawiri pachaka, amalori n'kumadzanyamula pamseu.

Bambo ake, amene anali malume anga, adalowa m'mudzimo cha m'ma 1973 ngati mkamwini. Nkhondo itafika povuta mu 1986 adathawira ku Ntcheu pamodzi ndi mudzi wonse, monga adachitira anthu ambiri a kuno. Mkazi wawo woyambayo adamwalira komweko mu 1989, osasiya mwana wamoyo. Malume adakwatiranso, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, iwo adabwerera mu 1994 ndi mkazi wachiwiri ndi kamnyamata kamene ndi msuweni wangayu. Adalima mundawo mpaka kumwalira kwawo mu 2015. Palibe adawafunsa kanthu zaka zonsezo.

Wofunsa adatulukira mu 2017. Anali mayi wamasiye, mwana wa mng'ono wake wa mkazi woyamba uja. Iye adakulira ku Malawi, adakwatiwa komweko, ndipo amuna ake atamwalira abale a mwamunayo adamuonetsa msewu. Adabwera ndi ana anayi, ndowa ndi mphasa, n'kunena kuti akufuna munda wa mayi ake aakulu, munda wa mbumba yawo. Pepala adalibe. Mboni yake inali mlongo wake mmodzi, amenenso adabadwira kothawa nkhondo.

Mafuwa athu atatu anali awa. Loyamba, mitengo ya mango: aliyense m'mudzimo ankavomera kuti adabzala ndi malume, ndipo mwambo umati wobwereka munda sabzala mitengo. Lachiwiri, pepala la dekalarasau la mu 2011, lokhala ndi chidindo cha sekeretariyo, lonena kuti mundawo ndi wa malume. Lachitatu, mboni zitatu zamoyo. Pamwamba pake ndidawonjezera zomwe ndimadziwa za lamulo la malo la 1997, lija la nambala 19/97: kuti nthaka yonse ndi ya boma ndipo siigulitsidwa, koma ufulu woigwiritsa ntchito munthu amaupeza kudzera m'mwambo, kapena poilima ndi mtima woona kwa zaka zosachepera 10, kapena popempha kuboma, ndiponso kuti umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa. Ndidamuuza msuweni wanga kuti tili ndi zonse, mtengo, pepala ndi anthu, pamene mayiyo ali ndi misozi yokha.

Bwalo lidakhala Lachitatu m'mawa pansi pa mkuyu. Amfumu adakhala pampando wa ndalema, nduna zawo pa benchi, amayi pansi kumanzere atatambasula miyendo, ife abambo kumanja. Kumapeto kwa benchi kunali agogo ena amene sindidawawerengere n'komwe. Anali ndi jekete lakuda lothetheka m'zigongono, diso limodzi loyera ndi ng'ala, ndipo nthawi yonse yomwe msuweni wanga ankayankhula iwo ankasenda nsungwi ndi kampeni, ngati abwera kudzangoothera dzuwa. Kuwerenga sadziwa. Ndidamva pambuyo pake kuti akhala akumva milandu pabwalolo kuyambira nthawi ya amfumu awiri apitawo.

Msuweni wanga adayankhula bwino, ndisaname. Atafika pa mafuwa atatu paja anthu adang'ung'udza movomereza, wina kumbuyo adati "Eyaa!" Mayi wamasiye uja adangoweramitsa mutu n'kumatokosa pansi ndi kamtengo. Atapatsidwa mpata adangoti mayi ake adamuuza asanamwalire kuti munda wa pa mango ndi wawo, basi. Amfumu adayang'ana nduna zawo, ndipo zinkaoneka kuti nkhani yatha nsima ya masana isanapse.

Apo agogo aja adapinda kampeni kawo.

"Amfumu, ine makutu adayamba kundithawa. Ndimati mdzukulu wangayu andithandize, ndimve bwino. Wati mafuwa ndi angati?"

"Atatu, agogo."

"Tatola miyala itatu, uyike apa."

Anthu adaseka pang'ono. Msuweni wanga adatola miyala itatu yonga zibakera n'kuiyika patsogolo pawo motalikirana, monga amayikira mafuwa. Agogo adailoza umodziumodzi ndi nsungwi yawo: uwu ndi anthu, uwu ndi pepala, uwu ndi mango. Kenaka adapempha kuti mboni ziyimenso.

Woyamba anali bambo wolima kumalire ndi mundawo. Agogo adamufunsa chaka chomwe adafika m'mudzimo. Adati 1996, kuchokera ku Tsangano.

"Ndiye pamene munda unkaperekedwa inu kunalibe. Mudadziwa bwanji kuti ndi wa malemuwa?"

"Ndidawapeza akulima, agogo. Ndiponso pepala lija adandionetsa."

Wachiwiri anali munthu amene adagwira ganyu m'mundamo zaka zambiri. Iyeyu sadazungulire. Adati malemu ankanena okha kuti munda ndi wawo, ndipo munthu sufunsa bwana wako kuti munda adautenga kuti. Agogo adagwedeza mutu, osatsutsa. Sadanene kuti wina wanama, ndipo palibedi adanama. Funso lawo kwa aliyense linali limodzimodzi, lofatsa, loti mudaona kapena mudamva, ndipo ngati mudamva, mudamva kwa yani.

Adaweramira pansi, natola mwala wa anthu uja, nausanjika pamwamba pa mwala wa pepala.

"Awiriwa aima pa pepala ndi pa mawu a malemu. Tiyeni tione pepalalo. Apulofesolo, mwabwera ndi maso, tatiwerengerani."

Ndidaimirira n'kuwerenga Chipwitikizicho, kenaka n'kumasulira. Adati ndibwereze, pang'onopang'ono. Ulendo wachiwiriwo ndi pomwe ndidamva ndi makutu anga mawu omwe ndidawadumpha pakhonde paja ngati mawu wamba a mu ofesi: pepalalo linkati mundawo ndi wa malume "malinga ndi kaundula wa mu 1994". Amene adadinda mu 2011 sadapite kumunda, sadafunse mbumba iliyonse. Adatsegula buku lakale n'kukopera.

Mwayi wake, kapena tsoka lathu, wolemba buku la 1994 uja ndi amene anali mboni yathu yachitatu, ndipo ndi amene tinkamudalira kwambiri. Anali atakalamba nayenso, akuyenda ndi ndodo. Agogo adamuyitana ngati mnzawo.

"Achimwene, buku lija mudalemba chifukwa chiyani?"

"Linali la mbewu ndi makasu. Anthu pobwerera ankalandira thandizo, ndiye ankafuna dzina la mwini khomo ndi pomwe akalime."

"Dzina la mwini khomo. Osati la mwini munda?"

"Mzere unali umodzi, achimwene. Tinkalemba bambo wa pakhomopo."

"Nanga munthu akati ine ndikalima pakutipakuti, inu munkatsimikiza bwanji?"

Mkuluyo adaseka mwamanyazi. Adati tikumbukire mmene kunalili chaka chimenecho. Minda inali itagona zaka 8, udzu wotalika kuposa munthu, mizere ya malire itafafanizika, ndipo malo ena anthu ankaopa kupondako chifukwa cha mabomba okwirira. Panalibe woyenda ndi chingwe kukayeza. Munthu ankanena, iwe n'kulemba. Pofuna kutsimikiza pang'ono ankafunsa chizindikiro, ndipo malume adati, "Pa mango paja, ndidabzala ndine." Onse amene analipo ankadziwa kuti n'zoona. Adalemba.

Agogo adanyamula miyala iwiri yosanjikizana ija, naiyika pamwamba pa mwala wa mango. Kamulu kaja kadagwedezeka koma kadaima. Pabwalo padati zii, moti ndinkamva mbuzi ikudzikanda pa tsinde la mkuyu.

Kunena zoona, apa ine ndinali ndisanataye mtima. Ndinkati ngakhale miyala iwiri yakwera pa umodzi, umodziwo ndi wolimba. Mwambo wa mitengo si wopeka. Munthu ukabwereka munda umabzala za chaka chimodzi, chimanga, nyemba, maungu, ndipo ukangoyika mtengo wa zipatso eni ake amadzazula msanga, chifukwa amadziwa kuti mtengo ndi chikhomo, mawa udzati pano ndi panga. Msuweni wanga adanena zomwezo, mokweza kuposa poyamba: "Wobwereka sabzala mitengo, agogo! Bambo anga adabzala, palibe adazula. Ndiye anali eni ake."

"Wanena zoona kuti wobwereka sabzala," adatero agogo. "Koma pamudzi pano anthu alipo a mitundu iwiri yokha, wobwereka ndi mwini? Ine kwathu ndi kuseri kwa phirilo. Ndidabwera kuno kudzakwatira Apwitikizi akadalipo. Kumunda kwa akazi anga ndidabzalako mango 12 ndi mapichesi 4, ndipo apongozi anga sadazule, adandiyamika kuti mkamwini uyu ndi wa manja. Tafunsani amayi awo ali apowo ngati munda uja ndi wanga."

Agogo aakazi ena kumbali ya amayi adayankha osadzutsa n'komwe mutu, "Ayese!" Bwalo lonse lidaphulika ndi phwete, amfumu omwe.

Kusekako kudabisa pang'ono kukula kwa zomwe zidachitika, ndipo ine ndidazimvetsa bwino usiku wake nditagona. Mawu oti mwini munda amabzala mitengo ndi oona. Koma sangatembenuzidwe kuti aliyense wobzala mitengo ndi mwini munda. Mvula ikagwa pansi pamanyowa, koma ukapeza pansi ponyowa pakhomo pako m'mawa sunganene kuti kwagwa mvula, mwina ndi mwana wataya madzi otsukira mbale. Ife tidachotsa wobwereka, n'kuganiza kuti watsala mwini yekha, pamene pakati pawo pali mkamwini, amene amalima munda wa mkazi wake moyo wake wonse, amabzala, amamanga nkhokwe, koma nthakayo imakhalabe ya mbumba. Ndipo malume adalowa m'mudzimo ngati ndani? Tonse tinkadziwa. Ine ndemwe ndidalemba mawu oti mkamwini pa tsamba loyamba la kope lija, n'kuwaiwala pofika tsamba lachitatu.

Msuweni wanga sadagonje msanga, ndipo yankho lake ndi lomwe lidavundukula dzenje lenileni. Adati, "Inu mudabzala ngati mkamwini. Bambo anga adabzala ngati mwini, chifukwa munda uja adapatsidwa ndi amfumu akale, iwo eni, adaswa okha mphanje."

"Zikhoza kutheka," adatero agogo. "Zimachitika. Tidziwa bwanji kuti adabzala ngati mwini?"

"Pepala likunena kuti munda ndi wawo."

"Pepala lidadziwa bwanji?"

"Lidatengera m'buku."

"Buku?"

Msuweni wanga adatsegula pakamwa, n'kuyang'ana kamulu ka miyala kaja, n'kutseka. Yankho linali mango. Mango ankatsimikiza umwini chifukwa cha pepala, pepala linkatsimikiza chifukwa cha buku, buku linkatsimikiza chifukwa cha mango. Agogo adaloza mbuzi ija, yomwe inali itadya udzu mozungulira chikhomo chake mpaka kusiya bwalo loyera, nati, "Iyo yayenda kuyambira m'mawa. Ifunseni kuti yafika kuti."

Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero n'choti kuzungulira kotereku sikuoneka ukakhala mkati mwake, makamaka bwalolo likakhala lalikulu. Munthu atati "munda ndi wanga chifukwa ndi wanga" ngakhale mwana angamuseke. Koma mawu omwewo akadutsa m'kamwa mwa malume mu 1994, n'kulowa m'buku, n'kutuluka mu 2011 atavala chidindo, n'kuonedwa ndi woyandikana naye munda, n'kubwera kubwalo mu 2018 ngati mboni, amaoneka ngati anthu anayi osadziwana amene agwirizana. Chikhalirecho ndi munthu mmodzi amene wayankhula kanayi. Chidindo chidandinyenga ine kuposa anthu ena onse pabwalopo, chifukwa ndine ndidaphunzitsidwa kulemekeza chidindo. Agogo, posadziwa kuwerenga, pepala adalitenga ngati mlendo wina aliyense wobwera ndi nkhani, amene umamufunsa kuti wazimva kuti.

Njira yawo yoyesera inali yapafupi, ndipo ndaigwiritsapo ntchito kangapo chichokereni tsikulo. Umatenga umboni uliwonse n'kufunsa kuti, chikhala kuti munthuyu akulakwitsa, umboniwu ukadaoneka mosiyana? Tiyerekeze kuti mundawo unalidi wa mbumba ya mkazi woyamba. Malume akadabzalabe mango? Inde. Akadalembedwabe m'buku la makasu ngati bambo wa pakhomo? Inde. Sekeretariyo wa 2011 akadakoperabe? Inde. Waganyu akadamvabe bwana wake akuti munda wanga? Inde, mkamwini aliyense amatero, sanena kuti ndikupita kumunda kwa apongozi. Zonse zikadakhala chimodzimodzi. Ndiye umboni wathu wonse sunkatha kusiyanitsa nkhani ya msuweni wanga ndi nkhani ya mayi uja, ngakhale unali wochuluka chotani.

Nditaona kuti zinthu zaterera, ndidaimika dzanja n'kutulutsa chida chotsiriza. Ndidati ngakhale zonsezo zigwe, lamulo likuti wolima malo zaka 10 ali ndi ufulu, ndipo apa zaka zadutsa 20. Agogo adandifunsa kuti ndinene mawu a lamulowo onse, monga ndidanenera poyamba. Ndidabwereza: wolima ndi mtima woona, Apwitikizi amati bowa fe.

"Mtima woona ndiye kuti chiyani, apulofesolo?"

"Ndiye kuti munthuyo ankalima osadziwa kuti akulowerera malo a wina."

"Ndiye ngati malemu adapatsidwadi ndi amfumu, mtima wawo unali woona. Ngati unali munda wa akazi awo, ankadziwa eni ake, poti adakwatira okha pamenepo. Si funso lomwe lija labweranso litavala jekete?"

Ndidakhala pansi. Wodziwa malamulo akhoza kutsutsana nawo pamenepa, makamaka pa za msuweni wanga mwiniyo, amene adakula akukhulupirira ndi mtima wonse kuti munda ndi wa bambo ake. Koma pa zomwe ine ndidanena, momwe ndidazinenera, adandigwira. Ndidatenga chinthu chomwe chinkafunika kutsimikizidwa n'kuchiyika pansi ngati maziko.

Apa mbali ya mayi wamasiye idayamba nthungululu. Mlongo wake adadumpha n'kunena kuti basi, zaoneka, munda ndi wawo, amfumu agamule. Agogo adakweza nsungwi yawo.

"Khala pansi, mwanawe. Mnzako mwala wake wagwa, koma iwe sunayikepo ngakhale umodzi. Mlongo wakoyu wati adamva kwa mayi ake. Iwe udamva kwa yani?"

"Kwa mayi omwewo."

"Ndiye inunso ndinu munthu mmodzi. Mdzukulu wangayu akhoza kukhala kuti akunena zoona, kungoti njira yomwe wadzera siyifika. Munthu akasochera popita ku Ulongwe sindiye kuti Ulongwe kulibe."

Ichi ndi chomwe chidandichititsa kuwalemekeza kwambiri, kuposa za miyala zija. Kugwetsa mfundo ya munthu n'kokoma, ndipo anthu ambiri akagwetsa amathamangira kunena kuti mbali inayo ndiye yolondola. Iwo adangobwezera mlandu pomwe unayenera kuyambira: chaka cha 1973 kapena chapafupi pamenepo, mundawu udachoka m'manja mwa yani kupita m'manja mwa yani, ndipo ndani wamoyo amene adaona ndi maso?

Iwo eni adati sadaone. Zaka zimenezo anali ku Joni, ndipo sadafune kunena zomwe adangomva. Amfumu akale adamwalira, nduna zawo zonse zidapita. Anthu adatchula mayina angapo, lililonse n'kupezeka kuti mwini wake ali kumanda, kuno kapena ku Malawi. Kenaka mayi wina adakumbuka kuti mkazi wa nduna ina yakale akadali moyo, akukhala ndi mwana wake ku Lizulu, kumene mseu ndiwo malire a mayiko awiriwa. Sanali wa mbumba ya mayi uja, sanalinso mbale wathu. Amfumu adati mlandu suwola, tidzakumanenso pakatha milungu iwiri, ndipo mbali zonse ziwiri zisonkhe ya njinga yamoto yokawatenga.

Pobwerera tsiku limenelo msuweni wanga sadandiyankhule mpaka pamseu. Pamenepo adangoti, "Fanizo lanu lija ndi lomwe landipha." Sindidamutsutse. Ndikadapanda kumupatsa mafuwa, mwina agogo sakadapeza miyala yosanjika.

Gogo wa ku Lizulu adafika atamangidwa ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa njinga kuti asagwe. Anali wamng'ono ngati mwana, koma mawu ake ankamveka mpaka kumbuyo. Agogo aja adamufunsa funso lawo lomwe lija, kuti mudaona kapena mudamva.

"Kumva ndimve chiyani? Mowa wa dima wolimira kumunsi kuja ndidaphika ndine, ndi malemu akazi ake. Migolo iwiri."

Adafotokoza kuti kumtunda, pomwe pali mango, unali munda wakale wa amayi ake a mkaziyo, ndipo mkamwini adaupeza ukulimidwa kale. Kumunsi kunali tchire la bango ndi minga lomwe palibe ankalifuna. Patatha zaka ziwiri kapena zitatu ali pa chikamwini, malume adapita ndi nkhuku kwa amfumu kukapempha tchirelo, ndipo amuna ake a gogoyu ndi amene adatumidwa kukaloza malire. Adati malirewo adayambira pa chulu chachikulu kukafika pa mwala wosweka pakati, ndipo adabzalamo khonje.

Agogo sadakhutire ndi mawu okha, ngakhale anali a munthu woona ndi maso. Adati gogoyu sadapondeko kumundako chithawireni mu 1986, ndiye ngati chulu, mwala ndi khonje zikapezeke pomwe wanena, sangakhale kuti wauzidwa dzulo ndi wina. Bwalo lonse lidanyamuka. Chulu chinalipo, chitaphwanyidwa mbali imodzi ndi ofukula dothi la njerwa. Mwala wosweka unalipo. Khonje sitidamuone poyamba, ndipo mlongo wa mayi uja adayamba kale kuyankhula, mpaka mnyamata wina adalowa m'zitsamba pafupi ndi mwalawo n'kufuula kuti wabayidwa. Zinali zitsa zitatu, chimodzi chikuphukabe, zitandandalika molunjika kuchulu. Msuweni wanga adati wakhala akuzidula chaka ndi chaka, akuyesa ndi zomera zokha.

Amfumu adagamula pomwepo, ataima pa chulu. Kumtunda kubwerere ku mbumba, mayi wamasiye alime. Kumunsi kukhale kwa msuweni wanga. Chimanga chomwe chinali kale m'nkhokwe ndi chake, ndipo mango a chaka chimenecho atchere onse awiri. Si onse adakondwa. Akuluakulu ena a mbumbayo ankati ngakhale mphanje ya mkamwini imayenera kutsalira ana a pamudzipo, osati mwana wa mkazi wobwera, ndipo mkangano umenewo ndi weniweni, midzi ina ikadagamula mwina. Msuweni wanga naye ankati apita nazo kuboma chifukwa cha zaka 24 zomwe banja lake lidalima kumtundako. Sadapite. Ndikuganiza kuti adawerengera n'kuona kuti dambo la mbatatesi, lomwe ndi lomwe ankaliopera, latsala m'manja mwake, ndipo latsala chifukwa cha umboni womwe iye ndi ine sitidaufunefune n'komwe. Mitengo 7 yomwe tidamangapo mlandu wonse idapezeka kuti ili mbali yomwe sinali yake.

Tikutsika kuchulu ndidayenda pambali pa agogo aja, n'kuwafunsa kuti adadziwa liti kuti mafuwa athu ndi mwala umodzi. Adati sadadziwe. Adangodabwa kuti pa anthu onse amene adayankhula, panalibe ndi mmodzi yemwe amene adatchula tsiku lomwe mundawo udaperekedwa, nkhuku, mowa, kapena amene adaloza malire. "Aliyense ankayambira pakati," adatero. Kenaka adandipempha fodya, ndipo nditati sindisuta adandiyang'ana ndi diso lawo labwinolo ngati ndawalakwira kachiwiri tsiku limodzi.

Kope lija ndikadali nalo. Pa tsamba lachitatu pali mzere womwe ndidaudula kunsi kawiri ndi cholembera chofiira, woti "umboni utatu wosadalirana". Msuweni wanga adayambanso kundiyankhula pa Khirisimasi, atabwera ndi thumba la mbatatesi, koma za kubwalo sitizitchula. Mu Disembala wathayu ndidadutsa kumundako ndipo ndidapeza ana a mayi uja ali m'mitengo, ana ake a msuweni wanga ali pansi akuwakha, akukangana kuti bango lalikulu lomwe lagwera kumunsi kwa khonje ndi la yani.